Giza Yaleka Kutenthetsa Madzi: Tiyambe Tafunsa Mita

Mwezi wa Juni ukafika, mphepo yozizira ikayamba kutsetsereka kuchokera m'mapiri a Mphangwe, madzi a m'mamawa saseweredwa nawo. Nthawi imeneyi ndi pamene mabanja amene ali ndi giza kapena hita ya magetsi, pa boma la Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, amazindukira kuti chipangizo chawo chaleka kutentha. Ndipo kawirikawiri mlandu umagamulidwa usanazengedwe: "Elementi yapsa." Bambo amakwera galimoto kupita ku Chipata, nagula elementi yatsopano, naiika, koma madzi n'kukhalabe ozizira monga dzulo, pakuti chimene chinafa chinali china. Kwa munthu wa ku Vubwi ulendo wotere ndi tsiku lathunthu, osawerengera ndalama yoyendera. Chonsecho kachipangizo kamene amisiri amakatcha malitimita, kapena kungoti mita, kakadayankha funso limeneli m'mphindi zochepa.

Tiyambe tadziwa chimene tikupima. Elementi ya giza ndi kapaipi kachitsulo kopindika kamene kamakhala m'madzi. M'kati mwake mumadutsa waya wopyapyala wa chitsulo chotchedwa nikiromu, wokulungidwa ngati nyanga za mpesa wa dzungu, ndipo pakati pa wayayo ndi kapaipi anathirapo ufa woyera umene umalola kutentha kudutsa koma sulola magetsi. Magetsi akamadutsa mu waya wopyapyalayo amayenda movutikira, ndipo kuvutikirako ndiko kumabala kutentha. Kukaniza kumeneku kwa waya kumawerengedwa m'maomu, ndipo pa mita chizindikiro chake ndi Ω. Tsono elementi imafa m'njira ziwiri zikuluzikulu. Mwina waya wa m'kati uja amaduka, kotero kuti magetsi alibenso podutsa. Mwina kapaipi kamang'aluka, madzi n'kulowa mu ufa uja, magetsi n'kuyamba kuthawira ku chitsulo cha giza. Imfa yoyamba imangotimana madzi otentha. Yachiwiri ikhoza kutilanda munthu.

Ubwino wake ndi wakuti nambala imene elementi yamoyo iyenera kuonetsa tikhoza kuidziwiratu tisanakwere n'kudenga komwe. Pa mutu wa elementi, kapena pa kachikwangwani ka giza, pamalembedwa mavoti ndi mawati, mwachitsanzo `230V 3000W`. Tichulukitse mavoti ndi mavoti omwewo, kenaka tigawe ndi mawati:

```
R = V × V ÷ W
230 × 230 ÷ 3000 = 17.6
```

Choncho elementi ya mawati 3000, imene imapezeka kawirikawiri m'magiza a malita 150, iyenera kuonetsa maomu pafupifupi 17.6. Ya mawati 2000 iyenera kuonetsa pafupifupi 26, ndipo ya mawati 1000 pafupifupi 53. Onani kuti elementi yamphamvu ndiyo imakhala ndi maomu ochepa; ambiri amaganiza mosemphana. Ngati pa elementi yanu palembedwa mavoti 220 kapena 240, werengerani ndi nambala imene yalembedwayo, osati ndi 230. Yankho lilembeni pa kapepala, muike m'thumba la malaya.

Kuthima kwa magetsi si kuzimitsa

Pano tichedwapo, pakuti apa ndi pamene pagona moyo. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo mabanja ankakhala maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku opanda magetsi. Nyengo zotere zinatiphunzitsa chizolowezi choipa. Munthu amati, "Poti malaiti apita, ndikonzeretu giza," nakwera kudenga osakhudza swichi iliyonse. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Magetsi amene azimitsidwa kutali akhoza kubwerera nthawi ina iliyonse, ndipo adzapeza zala zanu zili pa waya. Chimodzimodzinso ngati mayunitsi atha: mwana akhoza kulowetsa nambala za mayunitsi atsopano inu muli pamwamba. Ndipo pa nyumba imene ili ndi jenereta kapena mabatire a sola olumikizidwa ku mawaya a m'nyumba, magetsi akhoza kukhalamo ngakhale mzere wonse wa nyumba uli mu mdima.

Palinso chifukwa china chimene ambiri sachiganizira. Tikazimitsa bureka ya giza, tiyenera kutsimikiza ndi mita kuti tazimitsa yoyenera, chifukwa malemba a pa bokosi la magetsi nthawi zina amanama. Tsono ngati magetsi athima m'dera lonse, mita idzaonetsa kuti palibe kanthu ngakhale titazimitsa bureka ya chitofu m'malo mwa ya giza. N'chifukwa chake ife timati ntchito iyi ichitike pa nthawi imene magetsi alipo m'nyumba, kuti tiwachotse tokha, ndi kuona ndi maso athu kuti achokadi.

Konzani mita motere. Chingwe chakuda chilowe pa bowo lolembedwa `COM`, chofiira pa bowo lolembedwa `VΩmA` kapena `VΩ`. Pali bowo lachitatu lolembedwa `10A`. Limenelo lisiyeni, pakuti mukapima mavoti chingwe chili mmenemo, mita imasanduka waya wolumikiza laivu ndi nyutulo, ndipo ikhoza kuphulikira m'manja. Yang'anani zingwezo ngati zili ndi ming'alu; zosendeka zisagwire ntchito imeneyi. Zungulitsani chosankhira cha pakati mpaka pa `V~` kapena `ACV`, pa nambala yoposa 230. Pa mita zotsika mtengo zimene zimagulitsidwa m'mashopu a zamagetsi nambalayo imakhala 750 kapena 600. Kenaka pimani pa soketi imene mukudziwa kuti ikugwira ntchito, zala zili kumbuyo kwa mkombero wa zogwirira, osati pa nsonga zachitsulo. Kagalasi kaonetse nambala yoyandikira 230. Apo mwadziwa kuti mita ili moyo.

Tsopano gwetsani bureka ya giza pa bokosi la magetsi, ndipo ngati pafupi ndi giza pali swichi yake, izimitseninso. Tsegulani kachivundikiro kamene kali kumapeto kwa giza, osakhudza chilichonse m'katimo. Mudzaona mawaya atatu: laivu, wofiira kapena wabulauni, nyutulo, wakuda kapena wabuluu, ndi efi, wobiriwira kapena wobiriwira ndi chikasu, womangidwa ku chitsulo cha giza. Pimani katatu: laivu ndi nyutulo, laivu ndi efi, nyutulo ndi efi. Ponseponse mita ionetse ziro, kapena kanambala kosafika voti imodzi kapena awiri. Mukatero bwererani ku soketi ija mukapimenso, kuti mutsimikize kuti mita sinafe pa njira n'kukunamizani ndi ziro wabodza. Ena adzati uku n'kuchulutsa gaga m'diwa, koma kukwera ndi kutsika makwerero kamodzi si mtengo waukulu. Pomaliza gwetsaninso swichi yaikulu ya nyumba yonse, mumatepo kapepala, ndipo muuze a m'nyumba, makamaka ana amene akudikira wailesi ya kanema, kuti pasakhale woikhudza kufikira mutatsika.

Ngati giza ili kudenga, pondani pa mitengo yokha, osati pa siling'i, tengani tochi, ndipo pansi pakhale munthu wamkulu wokumvani. Mukapeza kuti m'kachivundikiro muli madzi, kapena mawaya apserera ndi kusungunuka, tsekani, muitane mmisiri wa magetsi. Pamenepo ntchito yapitirira msinkhu wa mita ya pakhomo.

Muyeso woyamba: kodi waya wa m'kati ngwathunthu?

Elementi iyenera kupimidwa ili yokha, yosalumikizidwa ku china chilichonse, apo ayi mita idzawerenga njira zina zimene sitinaifunse. Jambulani mawaya ndi foni musanamasule, kuti musadzaiwale pobwezera. M'magiza ambiri amene ali kuno, mawaya a magetsi amafikira pa themositati, kachipangizo kamene kamadula magetsi madzi akatentha mokwanira, ndipo themositatiyo ili ndi timano tiwiri tolowa m'mabowo a pa mutu wa elementi. Mukamasula mawaya, ikokeni molunjika. Idzatuluka ndi kandodo kake kakatali. Musaope madzi, pakuti kandodoko kamakhala m'chimake chotseka. Chimene simuyenera kumasula ndi elementi yeniyeniyo kapena mabauti ozungulira mbale yake, chifukwa kuseri kwake kuli madzi onse a mu giza.

Zungulitsani chosankhira mpaka pa `Ω`, pa nambala 200. Kagalasi kadzaonetsa `OL`, kapena nambala 1 yokhayokha kumanzere. Kumeneko ndiko kunena kwa mita kuti palibe njira pakati pa nsonga zake ziwiri. Gunditsani nsongazo: nambala idzatsikira pafupi ndi ziro, mwina 0.3 kapena 0.4. Amenewo ndi maomu a zingwe za mita zomwe, ndipo mudzawachotsa pa yankho. Ngati kagalasi kakuonetsa chithunzi cha batire, sinthani batire musanapitirize, chifukwa mita yanjala imanama. Kumbukiraninso kuti pa `Ω` mita imatumiza magetsi akeake ochepa a mu batire. Siyenera kukhudza waya wamoyo ili pamenepo.

Ikani nsonga imodzi pa phazi limodzi la elementi, ina pa linzake. Zilibe kanthu kuti chofiira chili kuti. Kanikizani ndithu, ndipo ngati pali dzimbiri palani pang'ono kuti chitsulo chiwale, popeza dzimbiri limakweza nambala. Dikirani nambala ikhazikike. Ikayandikira imene ili pa kapepala kanu, elementi ndi yathunthu. Kusiyana kwa gawo limodzi mwa magawo khumi si nkhani, kotero kuti ya mawati 3000 ikaonetsa pakati pa 16 ndi 19 ili bwino. Kagalasi kakakhalabe pa `OL` ngakhale mwapala ndi kukanikiza, waya wa m'kati waduka, ndipo palibe chokonza koma kusintha. Nambala ikatsika kwambiri, monga 1 kapena 2, ndiye kuti magetsi apeza njira yachidule m'katimo. Elementi yotere imagwetsa bureka nthawi yomweyo mukayatsa.

Mita zina zili ndi malo amene zimalira nsonga zikapeza njira. Kulirako kusakukhutitseni. Elementi yabwino ndi elementi ya njira yachidule zonse zimaliza mita mofanana. Chimene chimazisiyanitsa ndi nambala.

Muyeso wachiwiri, umene ambiri amaudumpha

Munthu akaona nambala yabwino amasangalala, nayamba kubwezera mawaya. Dikirani. Sitinafunse funso lachiwiri, loti kodi magetsi sakuthawira ku chitsulo. Zungulitsani chosankhira mpaka pa nambala yaikulu koposa ya maomu, `2000k` kapena `20M`. Ikani nsonga imodzi pa phazi la elementi, ina pa chitsulo choyera cha mutu wa elementi kapena pa bauti pamene pamangidwa waya wa efi. Pa penti sipawerengeka. Kenaka chitani chimodzimodzi ndi phazi linalo. Apa yankho labwino ndi `OL`, kusemphana ndi muyeso woyamba uja. Zala zanu zisakhudze nsonga, chifukwa pa muyeso uwu mita imatha kuwerenga ngakhale thupi la munthu, n'kukupatsani nambala imene si ya elementi.

Titenge chitsanzo cha nyumba ya mphunzitsi ku Sinda, imene ili ndi giza ya malita 150 ndi elementi yolembedwa `230V 3000W`. Dandaulo la mayi wa pakhomopo si lakuti madzi satentha, koma lakuti akangoyatsa giza, nyumba yonse imathima, chifukwa swichi yoteteza anthu ya pa bokosi, ija ili ndi kabatani kolembedwa `TEST`, imagwa. Zonse zitazimitsidwa ndi kutsimikizidwa, zingwe za mita zikuonetsa 0.4. Pakati pa mapazi awiri mita ikuonetsa 18.1, tikachotsa 0.4 patsala 17.7, pamene kapepala kakuti 17.6. Woleka pamenepa akanalumbira kuti elementi ilibe mlandu. Koma pakati pa phazi ndi chitsulo, pa `2000k`, kagalasi sikakunena `OL`, kakuonetsa 004. Potsitsa chosankhira mpaka pa `20k` kuti tione bwino, pakuoneka 4.20, kutanthauza maomu 4200, popeza chilembo k chimaimira chikwi. Tikagawa mavoti 230 ndi maomu 4200 tikupeza kuti magetsi othawa akhoza kufika mamiliampu 55. Swichi yoteteza ija, m'nyumba zambiri, inapangidwa kuti igwe akafika 30. Choncho swichiyo siinaonongeke monga ena angaganizire. Ikugwira ntchito imene anaiikira. Elementi yang'aluka, madzi alowa, ndipo iyenera kuchoka ngakhale ikadatha kutenthetsa.

M'nyumba zakale zimene zilibe swichi yotere, ndipo waya wa efi anaduka kapena sanamangidwe bwino, elementi yomweyo siigwetsa kanthu. Chizindikiro chake chimakhala kunyerenyetsa m'zala pogwira mpope kapena posamba. Tamvapo anthu akuseka kuti mpope wa kwawo umaluma. Si nthabwala. Giza yotere izimitsidwe tsiku lomwelo, ndipo pasakhale wosamba kufikira mmisiri ataona elementi ndi efi yemwe.

Tinene poyera malire a mita ya pakhomo. Iyo imapima ndi batire laling'ono, la mavoti 9 pa mita zambiri, pamene elementi imagwira ntchito pa mavoti 230, ili yotentha. Mng'alu waung'ono ukhoza kubisala pa mavoti ochepa a mita n'kudzaonekera pokhapokha chitsulo chitatentha. Choncho mita ikaonetsa nambala pakati pa phazi ndi chitsulo, ikhulupirireni: elementi ndi yoipa. Koma ikaonetsa `OL` pamene swichi yoteteza ikugwabe giza ikayatsidwa, mlandu sunathe. Amisiri ali ndi chipangizo china chimene amachitcha mega, chopima ndi mavoti 500, ndipo chimenecho ndicho chimagamula.

Nanga miyeso iwiri yonse ikakhala yabwino, swichi siikugwa, koma madzi ali ozizira? Pamenepo maso atembenukire kwa themositati imene mwaizula ija. Ili yozizira m'manja mwanu, ndipo kachozungulitsa kake kali pa madigiri 55 kapena 60, iyenera kulola magetsi kudutsa. Pa `Ω` 200, pimani kuyambira pa sikuluu ya laivu kufika pa dzino lake la kumbuyo, ndiponso kuyambira pa ya nyutulo kufika pa dzino linalo. Mbali zonse ziwiri zionetse pafupi ndi ziro. Mbali ina ikaonetsa `OL`, funani kabatani kakang'ono kamene ma themositati ena ali nako, kodula magetsi madzi akatentha mopitirira, kadinikizeni, mupimenso. Ikakanabe, gulani themositati, elementi muisiye. Kusintha themositati sikufuna kukhuthula madzi.

Hita ya m'chipinda ndiyo yosavuta, chifukwa mukazula pulagi ku khoma mwathana ndi magetsi, ndipo simufunika kuitsegula. Iyatseni pa swichi yake ili yozulidwa choncho, mupime pakati pa mano awiri aafupi a pulagi. Hita ya mipiringidzo iwiri ya mawati 1000 uliwonse idzaonetsa pafupifupi 53 mukayatsa umodzi, ndi 26 mukayatsa yonse iwiri. Nambala ikapanda kutsika poyatsa wachiwiri, umenewo ndiwo wafa. Ikaonetsa `OL` ponseponse, musafulumire kuweruza elementi. Tsegulani pulagi, muchotse fyuzi ya maampu 13, muipime payokha: yamoyo imaonetsa pafupi ndi ziro. Yakufa isinthidwe ndi inzake ya msinkhu womwewo, osati ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya monga timaonera m'makomo ena. Pomaliza pimani kuchokera pa dzino lililonse lalifupi kufika pa dzino lalitali la efi, pa nambala yaikulu ija. Kuyenera kukhala `OL`. Hita za mabatani ndi kagalasi sizipimika motere, pakuti swichi yake ya m'kati siitseka popanda magetsi. Ndipo za nyale ya halojeni zimaonetsa maomu ochepa kwambiri zikakhala zozizira, choncho masamu athu aja sagwira pa izo.

Elementi ya giza ikapezeka yakufa, ndi bwino kufunsa chimene chaipha, kuti yatsopano isatsate njira yomweyo. Mukaitulutsa ili yokutidwa ndi makoko oyera ngati a m'ketulo, ndiye kuti madzi anu ali ndi laimu wambiri, monga zimakhalira ndi madzi a mijigo ina. Makokowo amatsekereza kutentha m'kati mwa kapaipi mpaka kamang'aluka, ndipo amachuluka msanga themositati ikaikidwa pamwamba kwambiri. Madigiri 60 ndi okwanira. Koma mukaipeza ili yoyera, yothimbirira ndi yotupa ngati yochoka m'ng'anjo, inayatsidwa yopanda madzi. Izi zimachitika madzi akasiya kutuluka m'mipope kapena thanki ikauma, giza n'kukhuthuka, magetsi n'kubwera. Elementi ya m'madzi ikayaka pouma imapsa m'mphindi zowerengeka.

Pogula yatsopano tengani yakale ija kuti mufananize mawati, kutalika ndi mamangidwe ake, mugulenso rabala yatsopano yotsekera madzi. Tengani ndi mita yomwe, muipime musanachoke pa kauntala. Ikaikidwa, bureka isakwezedwe msanga. Tsegulani madzi olowa mu giza, mutsegulenso mpope wa madzi otentha m'bafa, muuleke utsokomole mpweya wonse kufikira madzi atayamba kutuluka mosadukiza. Yang'anani ngati pa mutu wa elementi pakudontha, bwezerani waya wa efi ndi kachivundikiro, kenaka yatsani. Giza ya malita 150 ya mawati 3000 imafuna maola awiri kapena atatu kuti madzi ozizira a mu Julayi afike pa madigiri 60, choncho musaweruze ntchito yanu patangopita theka la ola.